Kalata ya pa Zenera Lachinayi

Nambala yake inali 63, ndipo pamene Namwino ankakhala pa benchi, bolodi la pakhoma linali likadali pa 21. Anapinda kapepalako pakati, kenako n'kukatambasulanso poopa kuti thukuta la m'manja lingafufute manambalawo.

Anthu ankamuitanabe Namwino ngakhale kuti panali patatha milungu itatu asakuvala yunifolomu. Iye anali wa dziko lina. Chilolezo chake chogwira ntchito chinatha limodzi ndi kontrakiti ya kuchipatala, ndipo chimene chinkamusunga m'dzikomo tsopano chinali lisiti imodzi ya ku imigireshoni, yosonyeza kuti pempho lake likuunikidwa. Anapempha chilolezo cha munthu wotomeredwa ndi nzika. Chikatuluka, iye ndi chibwenzi chakecho, Wamagetsi, adzapatsidwa miyezi itatu kuti amange ukwati.

Pamiyendo pake panali chikwama cha pulasitiki chimene chinadya miyezi isanu ya moyo wake. Zithunzi anajambulitsa kawiri, chifukwa pa zoyambazo tsitsi linaphimba khutu. Kalata ya kupolisi ya kwawo, yonena kuti alibe mlandu, imagwira ntchito miyezi itatu yokha. Iye anaitanitsa msanga, ndipo inatha mphamvu akudikira zotsatira za chithunzi cha m'chifuwa, n'kuyambiranso. Kalata yoti sanakwatiwepo inayenda kuchoka kwawo, kukadindidwa ku ofesi ya kazembe, kenako kwa loya. Tsiku lotenga zidindo za zala, makina anakana chala chake chachikulu katatu, popeza sopo wa kuchipatala anali atasalaza mizere yake. Mtsikana wa pamakinawo anatulutsa mafuta ake odzola m'chikwama, n'kumupaka pachala, makina n'kuvomera. Namwino ankamutchulabe mtsikana ameneyo m'mapemphero, ngakhale sankadziwa dzina lake.

Dzulo lake foni inalira. Uthenga unali waufupi: afike pa zenera lachinayi ndi pasipoti ndi lisiti.

"Ulendo woyamba?" anafunsa bambo wina wachipewa amene anamusendera kuti akhale.

"Wachisanu ndi chiwiri. Koma lero andiitana okha."

"Ndiye ndinu odala. Ine benchi ili likundidziwa kuposa mpando wa kwathu. Ndinayamba kubwera kuno tsitsi lili lakuda." Anavula chipewa kuti aonetse imvi, ndipo mayi wa mwana kumsana amene anakhala kutsogolo anaseka osatembenuka.

Foni inanjenjemera m'manja mwake. Anali Wamagetsi.

"Mlendo wanga, ndachedwa ku ntchito ina, ndikubwera. Lero ulendo ukutha. Ukatuluka mmenemo usandinyadire."

Namwino anamwetulira. Dzina la Mlendo linayamba tsiku limene mnyamatayo anabwera kudzakonza magetsi mu wodi, atamva kalankhulidwe kake. Amayi ake a Wamagetsi nawonso ankamutchula mlendo, koma mwa mtundu wina. Sanamutukwanepo. Ankangoti, "Dikirani chaka chimodzi, mukuthamangira kuti?" ndipo akafunsidwa chifukwa, ankayamba kupukuta tebulo loyera kale. M'banja lonselo amene anamulandira ndi manja awiri anali Asisi a pasaluni, mwana wa mnzawo wa amayiwo, amenenso anachokera kunja kalekale ndipo ankawerengedwa ngati mwana wa m'nyumbamo. Asisiwo ndi amene anamuphunzitsa kusanja mapepala, kuti oyambirira azikhala pansi, makope pamwamba.

Namwino anaweramitsa mutu. Sanapemphe zambiri. Anangoti, Ambuye, mwandiyendetsa mpaka pano.

* * *

Belu linalira nthawi ya chakudya chamasana itayandikira. 63, zenera 4.

Kuseri kwa galasi kunali mayi wa magalasi a m'maso, wovala juzi pamwamba pa yunifolomu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Pasipoti ndi lisiti."

Namwino anazilowetsa pa kampata ka pansi pa galasi. Ofesalayo anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope, n'kumuuza kuti aike chala pa makina. Analemba nambala ya failo pa kompyuta. Anawerenga kanthawi ndithu, kenako ananyamuka n'kulowa m'chipinda cha kumbuyo.

Pa zenera lachitatu, mnyamata wina ankamatiridwa chilolezo mu pasipoti. Namwino anamva kugunda kwa chidindo, mtima wake n'kudumpha ngati ndi chake.

Ofesala anabwerera ndi failo yomangidwa ndi chingwe, pamwamba pake pali envelopu yabulauni. Chidindo sanachikhudze.

"Bambo amene akukuimirirani pa pempholi abwera?"

"Ali m'njira."

"Mwadziwana nawo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri ndi miyezi inayi."

"Anakuuzanipo kuti anakwatirapo?"

Namwino anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi limodzi la mafunso oyesa anthu aja. "Sanakwatirepo. Lumbiro lawo lili mmenemo, tsamba lachisanu ndi chinayi. Analumbira kwa loya."

"Ndaliona." Mayiyo anavula magalasi, n'kutsitsa mawu kuti a pamzere asamve. "Ndiyambe ndi ichi, kuti musadziimbe mlandu. Mapepala anu onse ndi abwino. Palibe limene lasowa, palibe latha mphamvu. Vuto lili kwa okuimirirani. M'kaundula wathu bambo amenewa ali ndi mkazi. Anamanga ukwati ku boma, ndipo mkaziyo akukhala m'dziko muno pa chilolezo cha mkazi wa nzika, pa dzina lawo. Munthu mmodzi sangaimirire mkazi ndi chibwenzi nthawi imodzi."

Phokoso la m'holo lonse linapita kutali, ngati wamira m'madzi. Namwino anaona milomo ya mayiyo ikuyenda, anaona chingwe cha failo, anaona dzanja lake lomwe litagwira m'mphepete mwa kauntala ngati la munthu wina.

"Mwina ndi mayina ofanana," anatero.

"Sitiyendera dzina, mayi. Timayendera nambala ya chiphaso cha unzika."

"Mkaziyo ndani?"

"Dzina lake sindingakuuzeni. Ndi failo ya munthu wina, monga mmene sindingauzire munthu za failo yanu."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku limene ndinabweretsa mafomu? Miyezi isanu..."

"Wolandira mafomu amangoona ngati mapepala akwana. Wofufuza ndi wina, ndipo failo imamupeza nthawi yake ikakwana. Yanu inamupeza sabata yatha."

Anakankhira envelopu ija pa kampata.

"Mvetserani bwino, chifukwa mukatuluka pano mutu sugwira. Iyi si kalata yokukanani. Ndi yokudziwitsani kuti tikufuna kukana, ndi chifukwa chake. Muli ndi masiku khumi ndi anayi kuyambira lero kuti muyankhe. Mukabweretsa chigamulo cha khoti choti ukwatiwo unatha, kapena kalata ya imfa ya mkaziyo, kapena umboni woti kaundula wathu walakwitsa, failo ipitirira. Ngati palibe, mungathe kuchotsa nokha pempholi. Mukatero mudzatuluka m'dziko, koma dzina lanu silikhala ndi banga la kukanidwa, ndipo mungadzapemphenso muli kwanu. Mukangokhala chete, tikana. Lisiti yanu idzafera pomwepo, ndipo mudzapatsidwa tsiku lotulukira."

"Ukwati ungathe m'masiku khumi ndi anayi?"

Mayiyo sanamunamize. "Ine sindinauonepo."

"Nanga iwowo?"

"Kulumbira bodza ndi mlandu. Mbali imeneyo ili ndi anzathu ofufuza, siili m'manja mwanga. Sainani apa kuti kalata mwalandira."

Cholembera chinagwa. Ofesala anachitola kumbali kwake, n'kuchibwezanso. Siginecha imene inatuluka sinafanane ndi ya mu pasipoti, koma mayiyo anangoilandira. Anathira madzi a m'botolo lake m'kapu yapepala, n'kuidutsitsa pa kampata kaja. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza, koma iye sanalize belu mpaka Namwino atamwa madzi onse ndi kutseka chikwama chake.

Podutsa pa benchi, bambo wachipewa uja anatsegula pakamwa kuti afunse. Ataona nkhope yake, anangobweza miyendo kuti adutse.

* * *

Wamagetsi anali pageti, pansi pa mtengo pamene ojambula zithunzi za pasipoti anapachika nsalu yawo yoyera. Anali ndi mabotolo awiri a zakumwa zozizira, limodzi m'dzanja lililonse.

"Ndione, ndione! Amata tsamba liti?"

Namwino anaima patali pang'ono. Kuyambira kale ankamuti iwe, koma pakamwa panakana.

"Mkazi wanu ndani?"

Kumwetulira kunatsala pankhope ya mnyamatayo kanthawi, kopanda mwini. Anaika mabotolo pansi mosamala, limodzi kenako linalo.

"Akuuza chiyani?"

"Ndafunsa ine."

"Mlendo, tiye tikakhale penapake."

"Ndakhala kuyambira m'mawa. Ndani?"

Wojambula zithunzi amene anali pafupi anakweza wailesi yake n'kutembenukira kwina.

"Asisi," anatero Wamagetsi, mawu ali pansi.

Namwino anaganiza kuti sanamve bwino. "Asisi ake ati?"

"A pasaluni."

Namwino anagwira thunthu la mtengo. Anakumbukira manja a Asisi akusanja mapepala ake patebulo, akudziwa fomu iliyonse osawerenga mutu wake. Iye anawathokoza, anawagulira nsalu.

"Si ukwati weniweni," Wamagetsi ankalankhula mofulumira tsopano. "Ndikulumbira. Papita zaka zinayi, tisanakumane. Mayi awo atamwalira, chilolezo chawo chinatha, ankafuna kuwathamangitsa, ndipo kwawoko analibe aliyense. Amayi analira sabata yonse. Anati ndi siginecha chabe, mwana wanga, upulumutse mlongo wako. Tinapita ku boma m'mawa, masana ine ndinali pamakwerero ndikumanga mawaya. Sindinagonepo nawo nyumba imodzi. Ngakhale dzanja."

"Ndipo munalumbira kwa loya kuti simunakwatirepo."

"Ndinkayesa zinatha. Chilolezo chija chinali cha zaka ziwiri. Ndinkati chikatha, ndi ukwati womwe watha."

"Ukwati si mkaka kuti uziwawasa wokha."

"Ndinapusa. Ndikuvomera. Koma kukunamiza mwadala, ayi."

Ankaoneka wamng'ono, ataima pamenepo ndi tepi yamagetsi ikutuluka m'thumba la malaya. Uyu ndi munthu amene anamuperekeza ku polisi mvula ikugwa, amene ankamudikirira pageti la chipatala ndi jekete. Namwino anafunafuna mkwiyo mumtima mwake, koma sanaupeze. Munali zii, ngati m'nyumba imene asamukamo.

"Andipatsa masiku khumi ndi anayi," anatero.

"Tipita ku khoti Lolemba. Asisi sangakane."

"Tipita kwa Asisi lero."

"Lero ayi, Mlendo. Mtima uyambe watsika."

Namwino anamuyang'ana. Aka kanali koyamba kuona mantha enieni m'maso mwake, ndipo sanali mantha a imigireshoni.

"Lero," anabwereza, n'kuyamba kuyenda.

* * *

Mu saluni munali fungo la mankhwala a tsitsi. Makasitomala munalibe, kupatula mmodzi: amayi ake a Wamagetsi, atakhala pampando wa pagalasi, thaulo paphewa, Asisi akuwamasula zingwe za kumutu.

"Alamu anga!" anatero Asisi, akumwetulira pagalasi. "Zatheka? Tivine?"

Namwino anaika envelopu yabulauni patebulo, pakati pa zipeso. Asisi anaona chizindikiro cha ofesi chija, manja awo n'kuima m'tsitsi la amayi.

Amayiwo ndi amene anayamba kulankhula, osatembenuka. "Ndinakuuzani kuti mudikire chaka chimodzi."

"Munandiuza kuti ndidikire, amayi. Simunandiuze chimene ndikudikira."

"Nkhani za m'nyumba sauza mlendo."

"Amayi," anatero Wamagetsi ali pakhomo. Sanalowe.

"Usanditi amayi. Ndinakuletsa kukapereka mafomu a mtsikanayu, iwe n'kumva za munthu wa pageti la imigireshoni uja, wolembera anthu makalata. Ati mafailo a m'chipinda cham'mwamba sakumana ndi a pansi. Lero akumana kapena sanakumane?"

Namwino anatembenuka pang'onopang'ono. "Mafailo a m'mwamba ndi ati?"

Asisi anapukuta manja pa epuloni, n'kukoka mpando.

"Khalani pansi, alamu."

"Musanditchule choncho."

"Chabwino. Khalani pansibe, mwatuwa." Anadikira, ndipo ataona kuti sakhala, anapitiriza. "Ine sindinakufunireni zoipa. Mapepala anu ndinakuthandizani ndi mtima umodzi. Nanenso ndinakhulupirira za wa pageti uja. Ndinkati zanu zidutsa pansi, zanga zidutsa m'mwamba, zanga zikatuluka tithetsa ukwatiwu mwakachetechete inu musanafike ku boma, aliyense n'kupeza pokhala."

"Zanu ziti? Iwo akuti chilolezo chanu chinatha kalekale."

Asisi anayang'ana Wamagetsi pakhomo paja, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Wakuuzani choncho?"

"Asisi, chonde," anatero mnyamatayo.

"Ayi, achimwene. Zaka zinayi ndakhala chete. Ndimakuchapirani maovolosi amayi akadwala, ndimakuphikirani, ndimamva mukuimba nyimbo pobwera kokaona namwino wanu, ine n'kumati zikomo. Sindinapemphe kanthu. Koma kundisandutsa chinthu chimene munaiwala, ayi."

Anatsegula kabati ya pansi pa galasi, kuseri kwa mabotolo, n'kutulutsa chikwama cha pulasitiki chofanana ndendende ndi cha Namwino.

"Chilolezo cha mkazi wa nzika sichitha chokha n'kusiyidwa. Chimawonjezeredwa, ndipo mwamuna amasaina. Anasaina patatha zaka ziwiri. Tsopano ndapempha chokhazikika, chosatha. Chimenecho chimafuna kalata ya mwamuna yolumbira kuti banja lilipo ndipo tikukhala limodzi. Iyi kope yake."

Namwino sanafune kuitenga, koma maso anawerenga okha. Siginecha ankaidziwa, ya mchira wokhota ngati waya. Chidindo chinali cha loya yemwe uja wa pamwamba pa sitolo ya nsapato. Kenako anaona deti.

Anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa kope ya tsamba lachisanu ndi chinayi. Anaika mapepala awiriwo pamodzi patebulo. Lina linkati munthuyu sanakwatirepo. Lina linkati ali pabanja ndipo akukhala ndi mkazi wake mwamtendere. Tsiku linali limodzi.

Analikumbukira tsikulo. Atatsika masitepe a kwa loya, Wamagetsi anagwira m'matumba n'kunena kuti waiwala makiyi m'mwamba. Iye anamudikira pakhonde la sitolo, akuyang'ana nsapato zoyera za pawindo ndi kuganiza ngati zingayenere diresi laukwati. Anadikira pafupifupi theka la ola. Mnyamatayo atatsika, anati pa desiki anapezapo kalaliki wina, wochedwa ngati kamba.

"Makiyi aja," anatero Namwino.

Wamagetsi anatsamira chitseko. "Ndikanakana, akanawathamangitsa. Ndikanakuuza, ukanandisiya. Ndinkafuna nonse mukhale."

"Ambuye, ndigwireni," ananong'ona Namwino, ndipo nthawi imeneyi anakhala pampando uja.

Amayi anachotsa thaulo paphewa n'kulipinda bwinobwino. Polankhula, mawu awo sanali aukali. Anali otopa.

"Mwana wa eni, sindikudani. Koma mvetsani. Mwana wanga akakanena kuti ukwati uja ndi wa pepala, uyu amuthamangitsa, iyeyo amutsekera. Akakanena kuti ndi weniweni, lumbiro la kwa inu lokha ndi limene latsala labodza, ndipo loya akhoza kulipepesera. Inu kwanu kuli amayi anu, kuli nyumba. Uyu kwawo ndi manda okhaokha. Kachotseni pempho lanu."

"Ndipite kwathu."

"Mudzabweranso zikatha."

"Zikatha liti?"

Asisi anabweza pepala lawo m'chikwama, n'kutulutsa lina laling'ono.

"Atiitana Lachitatu, naini koloko, m'chipinda cham'mwamba. Mwamuna ndi mkazi, aliyense chipinda chake. Amafunsa mbali ya bedi imene amagona, mtundu wa makatani, chimene anadya dzulo. Mayankho akasiyana, kapena mwamuna akapanda kubwera, failo yanga yatsekedwa."

Lachitatu linali patsogolo ndi masiku asanu. Namwino anadzutsa mutu, n'kuyang'ana munthu amene anaima pakhomo, dzuwa lili kumsana kwake.

"Mupita?"

Wamagetsi anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana amayi ake, n'kuyang'ana pansi pamene panali tsitsi lometedwa. Asisi anatola chipeso, n'kubwerera kumutu kwa amayi.

"Malaya a Lachitatu ndawasitira kale," anatero Asisi.